Kulemba ndakatulo yotamanda njinga yakale, kuyambira pa kuiyang'ana mpaka mzere womaliza

Ndakatulo yotamanda ndi ija imene mlakatuli amalankhula mwachindunji kwa chinthu chimene akuchilemekeza, n'kumachiitana kuti "iwe" ngati chili ndi makutu. Agiriki akale ankaimbira ndakatulo zotere anthu opambana pamipikisano. Mukatenga ulemu womwewo n'kuupereka kwa mphika kapena njinga, pamabwera vuto limodzi: owerenga amachidziwa kale chinthucho, ndipo saona chifukwa choti chitamandidwe. Kungowauza kuti n'chabwino sikuwasuntha. Ntchito yanu ndi kupeza chimene chinthucho chimachita tsiku lililonse koma palibe anachiyang'anitsitsa. Malangizo ali m'munsiwa atsatira njinga imodzi yakale, ya giya imodzi, kuchokera papepala lopanda kanthu mpaka ndakatulo ya mizere 30.

Gawo 1: Sankhani njinga imodzi, osati njinga zonse

Tengani njinga imene mungathe kuigwira ndi manja lero. Yakale imaposa yatsopano chifukwa ili ndi zipsera, ndipo chipsera chilichonse chili ndi chochititsa chake. Musalembe za njinga ya m'maganizo, chifukwa m'maganizo mwa munthu aliyense muli njinga yofanana: matayala awiri, belu, basi.

Gawo 2: Mphindi 15 zoyang'ana musanalembe mzere

Apa ndi pamene ndakatulo imapezeka kapena kutayika, choncho musathamange. Khalani pafupi ndi njingayo muli ndi pepala, ndipo lembani zinthu 30 zimene mukuona, kumva ndi kukhudza. Lamulo lake ndi limodzi: musalembe mawu oweruza monga yabwino, yokongola, yolimba, yokhulupirika. Lembani zokhazo zimene munthu wina ataima pambali panu angavomereze kuti zilipodi.

Zinthu 10 zoyamba zidzakhala zodziwika kwa aliyense: ili ndi matayala awiri, ndi yakuda, ili ndi kaliyala. Zilembeni ndithu kuti zichoke m'mutu. Zofunika zimayamba kutuluka mukadutsa pa 20, pamene maso atopa ndi zapamwamba ndipo manja ayamba kugwira ntchito. Itembenuzeni njingayo matayala ayang'ane kumwamba, zungulizani pedulo ndi dzanja, kenako lisiyeni gudumu lizungulire lokha, mumvetsere. Dinani masipoko awiriawiri ndi zala. Yang'anani pamahandulo pamene penti inasupuka, muone ngati ndi pomwe chikhatho chimagwira. Imikani njingayo pakati pa bwalo n'kuchotsa dzanja pang'ono, muone kuti ikugwera mbali iti.

Papepala la njinga yathuyi panalembedwa zinthu ngati izi: chishalo chapendekeka mbali imodzi, siima yokha, imatsamira khoma, labala wa buleki yakumbuyo watha kuposa wakutsogolo, chubu chili ndi zigamba 3, imalira tikitiki gudumu likamazungulira lokha, koma imakhala chete pedulo ikamazungulira, tcheni chimasiya mafuta akuda pamwendo wakumanja.

Gawo 3: Funsani kuti "chifukwa chiyani?"

Tengani zinthu 6 kapena 7 zimene zakudabwitsani, ndipo pa chilichonse fufuzani chochititsa chake. Ambiri amadumpha gawo ili, ndipo n'chifukwa chake ndakatulo zawo zimangokhala mndandanda wa ziwalo. Mlakatuli wa njinga ayenera kudziwako pang'ono zimene wokonza njinga amadziwa.

Tiyambe ndi kulira kuja. M'kati mwa giya yakumbuyo ya njinga zambiri muli timano tachitsulo tokankhidwa ndi kasipuling'i. Mukamapalasa, timanoti timakola ndipo timakoka gudumu, motero sipamveka phokoso. Mukaleka kupalasa gudumu likuyendabe, timanoti timangodumpha pamwamba pa mano anzake, ndipo kudumphako ndiko kumamveka tikitiki. Ndiye kuti njinga imakhala chete ikamagwira ntchito yolemetsa, n'kumaimba ikamapuma. Mfundo imeneyi simungaipeke muli pampando, imachokera m'chitsulo momwemo.

Masipoko nawo ali ndi nkhani yawo. Gudumu wamba limakhala ndi masipoko 32 kapena 36, ndipo onse amamangidwa mokoka, theka lawo kukokera limu mbali ina, theka linalo mbali inayo. Gudumu limawongoka chifukwa mbali ziwirizi zikukokana mofanana, ndipo masipoko a mbali imodzi akamasuka limu limayamba kupindika n'kumakhula mabuleki. Chachitatu ndi tayala: chimene chimanyamula wokwera kuti asamve miyala ndi mpweya wopopedwa m'chubu, ndipo munthu amazindikira zimenezi tsiku lomwe tayala laphwa.

Pali zina zoona zimene mudzazipeza koma osazigwiritsa ntchito. Pedulo yakumanzere imamangidwa mozungulira mosemphana ndi yakumanja. Giya ya mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, pa gudumu lalikulu, imayendetsa njinga mamita oposa 5 mapedulo akazungulira kamodzi. Zonsezi n'zokoma, koma ndakatulo ya mizere 30 imanyamula mfundo zazikulu 3 kapena 4 zokha. Zotsalazo zisungeni, njinga imodzi ingabale ndakatulo ziwiri.

Gawo 4: Sankhani kaitanidwe, ndipo musakasinthe

Mungaitane njingayo kuti "iwe" kapena "inu". "Iwe" amabweretsa ubwenzi wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali. "Inu" amaikweza njingayo kukhala wamkulu wolemekezeka, ndipo nthawi zambiri amaseketsa omvera, zomwe n'zabwino ngati nthabwala ndi zimene mukufuna. Kwa njinga yakale yazigamba, "iwe" amakhala bwino.

Cholakwika chofala kwambiri pano ndi cha mgwirizano wa mawu. Mlembi amayamba bwino kuti "iwe njinga, umandinyamula", koma pofika ndime yachiwiri dzanja lamutembenukira lokha n'kulemba kuti "imalira potsika". Apa njinga yasanduka chinthu chokambidwa, ndipo mlakatuli waifulatira n'kuyamba kulankhula ndi owerenga. Mukamaliza kulemba, dutsani pa aneni onse amene mwini wake ndi njingayo, muonetsetse kuti akuyamba ndi u- kapena su-: umamvera, sunena, udagwa. Ziwalo zake zokha ndi zimene zimasunga mgwirizano wawo, monga "chishalo chako chapendekeka".

Gawo 5: Lembani koyamba, kenako yesani posinthanitsa dzina

Kulemba koyamba kwa anthu ambiri kumatuluka chonchi:

Njinga yanga yokongola,
ndiwe wabwino kwambiri,
umandithandiza tsiku ndi tsiku,
popanda iwe ndikanavutika.

Chotsani mawu oti "njinga" muikepo "nsapato", kapena "wailesi", kapena "nyali". Mizere yonse ikugwirabe ntchito, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti simunalembe za njinga. Mayeso awa muziwachita pa mzere uliwonse: ngati mzere ungakhale m'ndakatulo ya chinthu china osasintha kalikonse, ufufutike kapena ulowedwe m'malo ndi chinthu cha papepala lanu la zinthu 30.

Poyambira pabwino ndi mayina otamanda, aja oyamba ndi wa- kapena wo-, chifukwa amatchula chinthu kudzera m'zochita zake osanena dzina lake. M'malo mwa "njinga yanga yokongola" lembani "iwe wa miyendo yozungulira, wosatha kuima wekha". Onani kuti dzina lachiwirilo likunena chofooka. Kutamanda kumene kulibe chofooka ngakhale chimodzi kumamveka ngati kutsatsa malonda, pamene kuvomereza kuti njingayo siima yokha kumachititsa owerenga kukhulupirira zabwino zimene munene pambuyo pake. Mayina otere akhale 2 kapena 3, akachuluka mawu oti wo-, wo-, wo- amayamba kugonetsa.

Gawo 6: Konzani njira ya ndakatulo, ndipo pakhale pokhotera

Ndakatulo yotamanda imene ikungokwera ndi matamando kuyambira pamwamba mpaka pansi imatopetsa pofika mzere wa 12. Ipatseni ulendo. Dongosolo losavuta ndi ili: ndime yoyamba iitane chinthucho, yachiwiri iyang'ane thupi lake chili chiimire, yachitatu ichionetse chikugwira ntchito, yachinayi ikhote, ndiye kuti ibweretse tsiku lomwe chinthucho chinalephera kapena chinaulula chimene mlakatuli sankadziwa, yomaliza, yaifupi, ichibwezere pamalo pake. Ndime zisakhale zofanana kutalika. Pamene pali zambiri, monga njinga ili paulendo, perekani mizere 9 kapena 10, ndipo potsazika mizere 4 yakwana.

Pokhotera ndi pamene pamavuta. Musakhotere ku phunziro la moyo, khoterani ku chochitika. Kwa njinga yathu, chochitikacho ndi tayala kuphwa, chifukwa ndi pomwe mfundo ya mpweya ija imaonekera yokha popanda kuifotokoza. Mukanakhala kuti mukulemba za mphika, pokhotera pakanakhala pa mng'alu woyamba, kapena pa mwaye wakunsi kwake umene umasonyeza kuti moto wonse umathera pa iwo kuti dzanja la munthu lisapse.

Gawo 7: Dulani mizere ndi khutu

Werengani maphatikizo a mzere uliwonse powomba m'manja mukuutchula mokweza. Mizere ya maphatikizo 6 mpaka 12 imatuluka ndi mpweya umodzi. Taonani mzere uwu wa m'kulemba koyamba: "Pamene ndikukwera chitunda chachitali umangokhala chete osanena kanthu." Uli ndi maphatikizo 27, ndipo wanena kukhala chete kawiri. Ukadulidwa umakhala "Pachitunda sunena kanthu", maphatikizo 9, tanthauzo lomwelo. Mizere isafanane yonse, ndipo mzere waufupi kwambiri, wa maphatikizo 4 kapena kucheperapo, uikeni pamene mukufuna kuti womvera aime.

Polankhula Chichewa, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo limakokedwa: timati khooma, mpaando, guduumu. Choncho mawu amene mwaika kumapeto kwa mzere amalandira kulemera konse kwa mzerewo. Ikanipo dzina la chinthu kapena mneni wamphamvu. Mzere wothera pa "ndi", "kuti" kapena "wa" umasiya wowerenga mwendo uli m'mwamba, ndipo pakamwa pamakakamizika kukoka kamawu kopanda katundu.

Za kufananitsa mamvekedwe a kumapeto kwa mizere, chenjerani. Aneni ambiri amathera pa -a, kotero kupeza mizere yothera mofanana n'kosavuta, ndipo khutu silikuwerengera ngati luso. Choipa kwambiri n'chakuti mlembi akayamba kusaka mawu othera pa -la kapena -nda, amatenga mawu amene sakuchokera pa njingayo. Nyimbo ya ndakatulo yotere ichokere m'kubwereza kapangidwe ka chiganizo, monga "ndikaponda, umamvera, ndikatopa, ndimatsika", kumene kumatsanzira mapedulo awiri akusinthana.

Mvekero ndi chida champhamvu, n'chifukwa chake iyenera kuchepa. Itatu yakwana m'mizere 30. Mvekero ngati psiii kapena bii sukokedwa pakati monga mawu ena, umatalika kumapeto, motero umathyola kayendedwe ka mizere ndipo umamveka kwambiri. Muuike pamene pakuchitika chinthu chachikulu, ndipo utengedwe pa phokoso lenileni la njinga yanuyo. Ngati belu lake linafa kalekale, musalilize m'ndakatulo. Chimodzimodzi mawu oti "ngati": kufanizira kumodzi kapena kuwiri kwakwana, chifukwa kufanizira kulikonse kumachotsa maso a owerenga pa njinga n'kuwapititsa ku chinthu china.

Nayi ndakatulo ija itadutsa m'magawo onsewa:

Kwa wotsamira khoma

Iwe wa miyendo yozungulira,
wosatha kuima wekha,
wotsamira khoma usiku wonse
ngati mlendo wosapatsidwa mpando,
dzuka, kwacha.

Chishalo chako chapendekeka,
chidaloweza kakhalidwe kanga.
Masipoko ako amakokana,
ena uku, ena uko,
ndipo mkangano wawowo
ndiwo umawongola gudumu.

Pachitunda sunena kanthu.
Ndikaponda, umamvera;
ndikatopa, ndimatsika,
timakwera awiri wapansi,
dzanja langa paphewa pako.
Koma potsetsereka,
ndikaleka kupalasa,
ndi pomwe umayamba kuimba:
tikitiki, tikitiki.

Tsiku lomwe munga udakulasa
mpweya udakuthawa, psiii,
ndidamva chitsulo chikugunda pansi,
ndidadziwa: zaka zonsezi
umandinyamula pa mpweya chabe,
mpweya womwe ndidakupopera ndekha.

Tsamiranso khoma, kwada.
Mafuta a tcheni chako
asiya chidindo pamwendo panga,
bii.

Mawu oti "zikomo", "wabwino" kapena "ndimakukonda" sakupezekamo, komabe palibe angakayike kuti njingayi ikulemekezedwa. Mawu oti "kakhalidwe" mu mzere wa 7 asankhidwa dala chifukwa akunyamula zinthu ziwiri, mmene munthu amakhalira pachishalo ndi khalidwe lake. Mawu a mitu iwiri otere mukawapeza musawafotokoze, wowerenga awatole yekha.

Gawo 8: Isiyeni masiku awiri, kenako ikonzeni katatu

Kuwerenga koyamba kukhale kofufuza zabodza. Ndakatuloyi isanakonzedwe, ndime yomaliza inkati "mano a tcheni chako asiya chidindo". Mawuwo ankamveka bwino, koma tcheni chilibe mano, mano ali pa giya. Aliyense amene anabwezerapo tcheni chovuka akanaona cholakwikacho, ndipo akanasiya kukhulupirira mizere ina yonse. Chinthu wamba chili ndi akatswiri ambiri kuposa mfumu kapena nyenyezi, choncho bodza laling'ono limagwidwa msanga. Ngati mungathe, muwerengereni munthu wokonza njinga, ndipo funso lanu likhale lakuti "pali pamene ndanama?", osati "yakoma?"

Kuwerenga kwachiwiri kukhale kosaka mizere yofotokoza zimene mzere wapamwamba wanena kale. Pambuyo pa "tikitiki, tikitiki" panali mzere wakuti "nyimbo ya wopuma pantchito". Unachotsedwa chifukwa mizere itatu yapamwamba inali itaonetsa kale kuti nyimboyo imayamba kupalasa kukaleka. Njira yodziwira mzere wotere ndi kuuphimba ndi chala n'kuwerenga ndime yonse. Ngati palibe chasowa, mzerewo unali mlendo. Mizere yotere imakonda kubisala kumapeto kwa ndime, ndipo kawirikawiri ndi imene mlembi amainyadira kwambiri.

Pomwepo yang'ananinso kuti umunthu umene mwaipatsa njingayo sunapitirire. Kunena kuti mahandulo ndi phewa kuli ndi pogwira, chifukwa dzanja limakhaladi pamenepo pokankha. Kunena kuti njinga ikulira misozi chifukwa mwini wake waiiwala kulibe pogwira, pokhapokha ngati pali madzi enieni akudontha pa felemu. Chilichonse chaumunthu chimene mwaipatsa chikhale ndi chiwalo kapena phokoso lenileni limene chatsamirapo. Werenganinso kuti "ndi-" wa mlakatuli akupezeka kangati. Akaposa "u-" wa njinga m'ndime zambiri, ndakatuloyo yasanduka yodzitamanda nokha, njinga yangokhala chokwera.

Kuwerenga kwachitatu kukhale kokweza mawu, mutaimirira. Paliponse pamene lilime lapunthwa kapena mpweya wathera pakati pa mzere, ikani kachizindikiro, ndipo mukamaliza konzani malo okhawo. Mzere wakuti "Koma potsetsereka, ndikaleka kupalasa" unali umodzi, wa maphatikizo 15, ndipo unkathamanga kwambiri moti kukhota kwa "koma" sikunkamveka. Utagawidwa pawiri, mpata wa pakati pa mizere iwiriyo unayamba kumveka ngati miyendo ikuleka kupalasa.

Mutu ndi mzere womaliza

Mutu ulembedwe pomaliza. "Njinga yanga" ndi mutu wa ndakatulo zikwizikwi. Tengani limodzi mwa mayina otamanda aja, monga "Kwa wotsamira khoma", ndipo ngati mwachita zimenezi onetsetsani kuti pofika mzere wa 8 wowerenga wadziwa kuti ndi njinga, apo ayi mwalemba chilapi. M'chitsanzochi chishalo ndi masipoko ndi zomwe zaulula.

Mzere womaliza uthere pa chinthu chooneka. Kulemba koyamba kunkathera pa "ndidzakusunga mpaka kalekale", lonjezo limene lingaperekedwe kwa nsapato kapena wailesi. Bwererani ku pepala la zinthu 30, musankhe chimodzi chimene simunachigwiritse ntchito, makamaka chimene chimatsalira pa munthu njinga ikaikidwa pakhoma. Apa chinali mafuta akuda a pamwendo wakumanja, mbali imene kuli tcheni.